Cheke nambala 4599 chinatuluka liti m'buku lomwe linali lisanayambidwe?

Kampani yomwe ndikunena pano ndi yapakatikati, yogula katundu wambiri ndi kumagulitsa kwa ena, ndipo masapulaya ake ambiri imawalipirabe ndi macheke. Ine anandiitana kuti ndidzawone mabuku a miyezi itatu, Epulo, Meyi ndi Juni, osati chifukwa amakayikira munthu ayi, koma banki imafuna malipoti oyera asanawaonjezere ngongole. Rikonsiliyeshoni ya mwezi uliwonse, yomwe ndi kuyerekeza sitetimenti ya kubanki ndi kashibuku ya kampani, inalipo, yosainidwa, ndipo imagwirizana mpaka pa nambala yomaliza. Ndiye munthu ukangoona choncho umafuna kungotseka fayilo nkupita kwina. Koma kugwirizana kwa ndalama kumangokuuza kuti zomwe zatuluka kubanki ndi zofanana ndi zomwe zalembedwa m'kashibuku, sikukuuza kuti pepala lomwe latulutsa ndalamazo ndi lomwe lija munalemba. Funso limenelo amayankha ndi manambala a macheke basi.

Poyamba tinene chinthu chomwe chimasokoneza anthu ambiri oyamba kumene ntchitoyi. Pa sitetimenti macheke nthawi zambiri samabwera motsatana manambala, amabwera motsatana tsiku lomwe banki yawalipira. Mutha kulemba 4510, 4511 ndi 4512 tsiku limodzi, koma wa 4512 akathamanga nacho kubanki tsiku lomwelo pomwe wa 4510 wachiiwala m'chikwama sabata ziwiri, pa sitetimenti 4512 ndiye akhala patsogolo. Izi si vuto, ndi mmene macheke amayendera. Ndiye ukamayang'ana ndi maso okha mzere ndi mzere chilichonse chimaoneka chosokonekera, ndipo poti chilichonse chikuoneka chosokonekera umasiya kudabwa, nambala yachilendo yeniyeni imadutsa iwe osaiona. Mabanki ena amathandizako, amaika ndandanda ina ya macheke motsata manambala ndi kanyenyezi pomwe nambala yadumpha, koma kanyenyeziko kamangotanthauza kuti pa sitetimenti iyi yokha pali mpata, sikadziwa za mwezi watha, sikadziwanso zomwe zili m'buku lanu. Sitetimenti ya kampani iyi inalibe ndi kanyenyezi komwe.

Chomwe ndinachita ndi ichi. Ndinapempha masitetimenti onse atatu ochokera kubanki mwachindunji, osati mafotokope omwe anali m'fayilo, ndipo abwana anawatsitsa okha pa kompyuta yawo ine ndili pomwepo. Ndinatenga mizere yonse ya macheke ya miyezi itatu nkuiphatikiza pa shiti imodzi ya pa kompyuta, nambala, tsiku, ndalama. Mwezi umodzi wokha sukwanira chifukwa theka la mipata yomwe mungaione imakhala ya macheke omwe adutsa mwezi wapitawo kapena adzadutsa mwezi wotsatira, mumangotaya nthawi kuthamangitsa zinthu zomwe palibe. Kenako ndinasanja manambalawo m'kolamu A kuyambira waung'ono kupita kwa wamkulu, ndipo pambali pa iliyonse ndinachotsera nambala ya pamwamba pake:

```
=A3-A2
```

Ikatuluka 1 ndiye kuti zili bwino, ikatuluka 0 ndiye kuti nambala yabwera kawiri, ikaposa 1 ndiye kuti pali mpata. Chenjerani pang'ono apa, manambala a macheke nthawi zambiri amayamba ndi maziro, monga 004527, ndipo mukawatsitsa kubanki pulogalamu imatha kuwatenga ngati mawu osati manambala, ena nkukhala mawu ena manambala m'kolamu imodzimodziyo, ndiye kusanjako kumatuluka kokhota. Asintheni onse akhale manambala musanayambe.

Koma ndandanda ya kubanki payokha siyingakuuzeni kuti malire ali pati. Mumafunika kudziwa kuti kampani inayambira pa nambala iti ndipo yalekeza pa iti, ndipo zimenezi zimachokera m'kashibuku ndi m'makauntafoyilo, tizidutswa tija totsalira m'buku cheke chikang'ambidwa. Mabuku awo anali a masamba 50. Loyamba 4501 mpaka 4550, lachiwiri 4551 mpaka 4600, lachitatu 4601 mpaka 4650 linali lisanakhudzidwe. Pa 1 Epulo analemba 4505, pa 30 Juni cheke chomaliza m'kashibuku chinali 4563. Ndiye kuti macheke 59 m'miyezi itatu, pafupifupi 20 pa mwezi. Liwiro limeneli lisungeni m'mutu, likhala ndi ntchito kutsogoloku. Manambala 59 amenewa ndinawalemba onse pa kolamu yake, kolamu D, osadumpha, nkufunsa shiti kuti iliyonse yaoneka kangati kubanki:

```
=COUNTIF(A:A,D2)
```

Manambala 9 anatuluka ziro, kutanthauza kuti sanaoneke pa sitetimenti: 4519, 4527, 4528, 4541, 4556, kenako 4560, 4561, 4562 ndi 4563. Nambala imodzi, 4533, inaoneka kawiri. Ndipo kunja kwa malire aja kunali manambala anayi omwe samayenera kupezeka m'nyengo imeneyi, 4461 kumbuyo, ndiye 4591, 4598 ndi 4599 kutsogolo.

Zambiri mwa izi zinatha msanga. Anayi omaliza aja, 4560 mpaka 4563, analembedwa masiku atatu omaliza a Juni, sanafike kubanki ndipo palibe chodabwitsa, mpata wa kumchira wa ndandanda nthawi zonse umakhalapo. Ndinangoyang'ana pa sitetimenti ya masiku oyamba a Julaye ndipo onse anadutsa ndi ndalama zomwezo. 4528 chinalakwika polemba, mawu ndi manambala sizimagwirizana, anachikhwatcha nkuchikhomera pa kauntafoyilo yake, ndinachigwira ndi dzanja langa. Apa ndimaumirira ndithu, mawu oti chinaonongeka olembedwa pa kauntafoyilo si umboni, umboni ndi pepalalo. Wina akakuuzani kuti tinaching'amba nkutaya, mpatawo sunatsekeke, lembani nambalayo ndipo uzani banki kuti isadzalipire. 4556 chinasowa m'manja mwa dalaivala, kalata yoletsa banki kulipira inalipo, banki inayankha kuti yalandira, ndipo anamulembera mwini wake china. 4461 chinalembedwa kumapeto kwa Januwale ndipo chinadutsa mu Meyi, mochedwa inde, koma chinali pa ndandanda ya macheke osadutsa ya Febuluwale, Malichi ndi Epulo, dzina lomwelo ndalama zomwezo, ndipo mabanki ambiri amalandira cheke mpaka chitakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Nambala yakale ikatulukira mwadzidzidzi funso ndi limodzi, kodi timachiyembekezera? Ngati chili pa ndandanda ya osadutsa palibe nkhani. Ngati palibepo ndiye kuti mwina ndi cheke chomwe munkaganiza kuti chinathetsedwa kalekale, kapena tsamba la buku lakale lomwe silinathe.

4533 chinandiimitsa pang'ono. Nambala imodzi kutuluka kawiri kutha kukhala cheke chabodza chosindikizidwa ndi nambala yeniyeni, kutha kukhala cheke chimodzi cholowetsedwa kawiri, kuthanso kukhala kulakwitsa kwa banki. Koma musanathamange yang'anani mbali ya ndalama zolowa pakati pa masiku awiriwo. Apa ndalama zinatuluka pa 20 Meyi, zinabwerera pa 21 Meyi ndi chindapusa pambali pake, nkutulukanso pa 27 Meyi. Cheke chinabwezedwa chifukwa tsiku limenelo mu akaunti munalibe ndalama zokwanira, mwini wake anachilowetsanso patatha sabata. Kutuluka kawiri, kubwerera kamodzi, ndiye kuti chalipidwa kamodzi. Zikanakhala kuti palibe kubwerera, kapena ndalama za maulendo awiriwo ndi zosiyana, ndikanapempha zithunzi zonse ziwiri tsiku lomwelo.

Tsopano zinatsala zomwe nkhani yonseyi yagona. Mipata itatu pakati, 4519, 4527 ndi 4541, ndi manambala atatu othamangira kutsogolo, 4591, 4598 ndi 4599. Nditaika ndalama pambali pake zinakwatirana ziwiriziwiri. M'kashibuku 4519 chinali cha 74,200, kubanki 4591 chinali cha 74,200. M'kashibuku 4527 chinali cha 386,000 cholembedwa pa 9 Meyi, kubanki 4599 chinadutsa pa 14 Meyi ndi 386,000. M'kashibuku 4541 chinali cha 412,500 cha pa 4 Juni, kubanki 4598 chinadutsa pa 11 Juni ndi 412,500. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake rikonsiliyeshoni imagwirizana bwinobwino, wochongayo amayang'ana ndalama zokha. Akaona 386,000 m'buku ndi 386,000 pa sitetimenti amachonga zonse ziwiri nkupitirira, nambala sayiwerenga. Ndipo sindikumunena kwambiri, anthu ambiri amachonga choncho, ngakhale mapulogalamu ena a akaunti amakupatsa mizere yofanana ndalama ndi tsiku loyandikana kuti ungovomereza, iwe ukadina osaona nambala zatha.

Pa shiti mitundu itatuyi imaoneka yofanana ndendende, nambala yosowa pano, nambala yachilendo uko, ndalama zofanana. Koma si zofanana. Taonani 4519 ndi 4591, manambala ake ndi omwewo, angosinthana malo awiri omaliza. Nambala ya cheke imawerengedwa ndi makina pa mzere wa manambala a inki yapadera uli m'munsi mwa cheke, ndipo cheke chikapindika kwambiri, chikang'ambika kapena wina akadinda chidindo pamzerewo, makina amakanika ndiye munthu amalemba ndi dzanja, apo ndi pomwe 19 amasanduka 91. Kusiyana kwa manambala awiri osinthana malo motere nthawi zonse kumagawika ndi 9, apa ndi 72, ndiye ukaona choncho umayamba kuganiza za chala cha munthu osati za wakuba. Pomwe 4527 ndi 4599 palibe chala chomwe chingaterereke motero, 4541 ndi 4598 chimodzimodzi. Nkhani ya 72 yabwerezanso mwangozi pa 4599 kuchotsa 4527, ndipo ichi nchifukwa chake kugawika ndi 9 sindikutenga ngati umboni, kumangokulozera poyang'ana, manambala enieniwo ayenera kukhala omwewo.

Chomwe chimaweruza si shiti, ndi buku lenilenilo. Ndinawapempha abwana kuti atulutse mabuku onse atatu tiwerenge masamba limodzi, mmodzi akuwerenga nambala mokweza wina akuchonga. Anaseka kaye, amvekere, "Bambo, buku lachiwirili tangoliyamba pakati pa Juni, masamba akumbuyo ali momwemo." Ndinawayankha kuti, "Zikomo abwana, ngati ali momwemo tingotaya mphindi khumi, tiyeni tingowerenga." Tsamba 4591 linalimo, loyera, losalembedwa. Ndiye kuti mzere uja wa pa sitetimenti ndi 4519 wolembedwa molakwika, ndipo chithunzi chitabwera kuchokera kubanki chinatsimikiza, pakona pali 4519, m'munsi mwake mwang'ambika. Tinapitirira, 4595, 4596, 4597, kenako 4600. Masamba awiri palibe, ndi makauntafoyilo ake omwe palibe. Ukatsegula bukulo mokakamiza pomangirira paja umaona timizere tiwiri ta pepala totsalira mkati, todulidwa mosalala ndi lezala, osati kung'amba pa timabowo ngati mmene cheke chimachokera. Tsamba lomaliza 4600 analisiya dala, chifukwa munthu akafuna kuona ngati buku lili lathunthu amayang'ana tsamba loyamba ndi lomaliza basi.

Tsiku ndi lomwe linandiuza zambiri kuposa china chilichonse. 4599 chinadutsa pa 14 Meyi. Pa tsiku limenelo kampani inali ikulemba cha m'ma 4530 m'buku loyamba, ndipo buku lachiwiri analiyamba patadutsa mwezi wathunthu. Cheke chochedwa kufika kubanki chili ndi zifukwa zambirimbiri zosalakwa, koma cheke chofika nthawi yake isanakwane chili ndi zifukwa zochepa kwambiri. Mwina kampani ikugwiritsa mabuku awiri nthawi imodzi, lina la malipiro a antchito lina la masapulaya, kapena bwana wina amayenda ndi lake, ndipo zikatero manambala amayenda m'mizere iwiri yooneka bwino, uliwonse ukukwera pawokha. Mwina wina anatenga buku lolakwika tsiku limodzi, koma apo amayambira tsamba loyamba, 4551, ndipo kauntafoyilo imatsala yolembedwa. Palibe amene amalakwitsa nkuyambira pa tsamba lachiwiri kuchokera kumapeto. Onaninso mmene awiriwa ayendera, 4599 mu Meyi kenako 4598 mu Juni, kubwerera chammbuyo. Manambala akamatsika pomwe masiku akukwera, m'dera lomwe kampani sinafike, ndiye kuti wina akudula kuchokera kumbuyo kwa buku. Pa liwiro la macheke 20 pa mwezi akanafika pa masamba amenewo cha kumapeto kwa Ogasiti, ndipo pofika apo chachiwiri chikanakhala ndi anzake.

Nanga 4527 ndi 4541 zinapita kuti, poti m'fayilo zonse zimaoneka bwino? Kampaniyi ili ndi lamulo labwino loti cheke chikasainidwa amachijambula fotokope nkuikhomera pa vocha limodzi ndi invoyisi. Fotokope ya 4527 inalipo, dzina la sapulaya weniweni, siginecha yeniyeni ya abwana, mizere iwiri yopingasa, invoyisi yeniyeni ya katundu yemwe anafikadi. Palibe chonama pa pepala lililonse la m'fayilomo. Chomwe fayilo siimasonyeza ndi choti cheke chenichenicho sichinaperekedwe kwa mwini wake. Tinapempha sapulayayo kuti atitumizire sitetimenti yake mwachindunji kwa abwana, ndipo mainvoyisi awiri aja anali osalipidwa. Iye sanadandaule chifukwa ndi sapulaya wamkulu, akaunti yake imayenda mwezi ndi mwezi, ndalama zimalowa zina ngongole ikukwera ina, ndipo mainvoyisi awiri otsalira pakati pa ambiri anangowatenga ngati kuchedwa wamba. Amene anakonza izi anasankha sapulaya amene sangakuwe msanga. Ndiye dongosolo lake linali lotere, cheke chenicheni chilembedwe, chisainidwe, chijambulidwe, chibisidwe, kenako cheke chodulidwa kumbuyo chilembedwe ndalama zomwezo ndendende m'dzina lina kuti wochonga ndalama asaone kusiyana. Zonse pamodzi 798,500.

Zithunzi za 4598 ndi 4599 tinazipempha mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa kumbuyo ndi komwe kumakhala zidindo ndi zolemba zosonyeza komwe cheke chinalowera. Zonse zinalembedwa m'dzina la bizinesi lofanana kwambiri ndi la sapulaya uja, liwu limodzi lokha losiyana, ndipo zinalowa mu akaunti imodzi. Siginecha imafanana ndi ya abwana, iwo anati si yawo. Ine pa lipoti sindinalembe kuti ndi yabodza kapena yeniyeni, imeneyo ndi ntchito ya akatswiri a zolemba pamanja ndi a banki. Sindinalembenso dzina la munthu. Kiyi wa kabati ya macheke amamugwira anthu atatu, ndipo mabuku osayambidwa amakhala m'kabati yomweyo limodzi ndi buku logwiritsa ntchito, ndiye aliyense wotumidwa kukatenga buku amakhala yekha ndi mabuku onse atatu. Abwana mtima unali utathamangira kale kwa kalaliki wochonga uja, ndinawauza kuti, "Abwana pepani, kuchonga ndalama osaona nambala ndi ulesi womwe ndimaupeza m'maofesi ambiri, paokha si umboni wakuba. Mukamuitana lero nkumuloza chala, ngati si iyeyo mwamulakwira ndipo mwachenjeza wakuba weniweni, ngati ndi iyeyo mwamupatsa nthawi yowotcha mapepala." Anamva, ngakhale movutikira.

Zomwe tinachita tsiku lomwelo zinali za kubanki. Abwana anaimba foni kaye kenako nkutumiza kalata yosainidwa, yoletsa 4527 ndi 4541 chifukwa macheke amenewo ndi enieni, osainidwa, ndipo ali m'manja mwa munthu wosadziwika, atha kusintha dzina nkuwalowetsa. Analetsanso masamba onse otsala a buku lachiwiri, poti sitikudziwa kuti wajambula chiyani. Buku lachitatu tinaliwerenga tsamba ndi tsamba, linali lathunthu, koma linasamukira m'sefu ya abwana. Kalata ina inali yokana macheke awiri aja mwalamulo. Apa musazengereze, mapangano a akaunti ambiri amapereka nthawi yoikika yoti kasitomala anene cholakwika chomwe waona pa sitetimenti, ikadutsa banki imakhala ndi poimira pokana kubweza, makamaka pa cheke chachiwiri ndi zotsatira zake, imati mukanatiuza za choyamba sitikanalipira chinacho. Nthawiyo imasiyana banki ndi banki, dziko ndi dziko, ndiye werengani pangano lanu. Kwa iwo 4599 chinali chitakhala pa sitetimenti pafupifupi miyezi iwiri, rikonsiliyeshoni ya Meyi itasainidwa kuti zonse zili bwino, ndipo siginecha imeneyo sikuwathandiza pa mkanganowu. Bukulo tinaliika mu envelopu momwe linalili, osalitambasulanso, ndipo ndinabwerera mmbuyo miyezi khumi ndi iwiri ndi njira yomweyi. Sindinapeze china, makauntafoyilo a mabuku akale onse anakwana 50.

Ndinenepo za malire a njirayi, chifukwa abwana atangoona kuti yagwira ntchito amafuna kuitenga ngati mankhwala a chilichonse. Kusanja manambala kumagwira cheke chomwe nambala yake ili pamalo olakwika. Sikungagwire cheke chenicheni chomwe chabedwa panjira nkufufutidwa dzina, chifukwa nambala ndi yolondola ndalama ndi zolondola, chasintha ndi wolandira yekha, ndipo masitetimenti ambiri salemba dzina la wolandira pa mzere wa cheke. Sikungagwire cheke cholembedwa mwadongosolo kulipira invoyisi yabodza. Ndipo wakuba uyu akanangotenga tsamba lotsatira m'buku logwiritsa ntchito nkulemba pa kauntafoyilo kuti laonongeka, nambala ikanaoneka pa sitetimenti pamalo pake penipeni, popanda mpata uliwonse, mukanachigwira pokhapokha mutayang'ana chammbuyo, kuti macheke onse olembedwa kuti anaonongeka asapezeke kubanki. Nchifukwa chake mayeso amayenda mbali ziwiri, nambala iliyonse ya m'buku ipezeke komwe yathera, ndipo nambala iliyonse ya kubanki ipezeke komwe yachokera. Palinso mabanki omwe cheke chikatapidwa pa kauntala kapena chikasinthidwa kukhala malipiro a pa makina, amachilemba m'gawo lina la sitetimenti, nthawi zina nambala ili mkati mwa mawu ofotokozera, ndiye musanati nambala yasowa fufuzani sitetimenti yonse, ndi nambala ndi ndalama zomwe.

Chinanso, mpata uli ndi msinkhu. Wa masiku atatu kumchira si kanthu. Koma sapulaya yemwe nthawi zonse amalowetsa cheke pasanathe sabata, cheke chake cha ndalama zambiri chikakhala masabata anayi osaoneka, ndi chizindikiro, ngakhale palibe nambala yachilendo kwina. Macheke akale a sapulaya ameneyu onse amadutsa pakati pa masiku atatu ndi asanu. 4527 chikanakhala kuti chinaikidwa pa ndandanda ya osadutsa kumapeto kwa Meyi, monga chimayenera, wina akanafunsa kuti bwanji masabata atatu, ndipo 386,000 ya 4599 ikanatsala pa sitetimenti yopanda mnzake m'buku, rikonsiliyeshoni ikanakana kugwirizana, 4598 chisanalembedwe.

Zomwe ndinalemba kuti zisinthe ndi zochepa, ndinapewa dala kuwapatsa tsamba lonse la malamulo omwe sangawatsate. Kuchonga kukhale kwa nambala ndi ndalama limodzi, zikasiyana chimodzi mzerewo usachongedwe mpaka chithunzi chibwere. Mabuku a macheke akafika kuchokera kubanki awerengedwe masamba pamaso pa anthu awiri, manambala oyamba ndi omaliza alembedwe m'kaundula ndi tsiku lomwe buku layambidwa, ndipo osayambidwa akhale kwina, osati m'kabati imodzi ndi logwiritsa ntchito. Cheke chikasainidwa chisabwerere kwa amene anachikonza, wina achipereke ndipo wolandira asaine. Masitetimenti a masapulaya akuluakulu azifika kwa munthu yemwe salemba macheke. Ndinawauzanso afunse ngati banki yawo ili ndi dongosolo loti kampani imatumiza ndandanda ya macheke omwe yalemba, nambala ndi ndalama, banki nkumaimitsa chilichonse chomwe palibe pa ndandandapo, chifukwa 4599 chikanaima pomwepo. Shiti ija ndinawasiyira, mwezi uliwonse amangowonjezera mizere yatsopano pansi pa yakale osafufuta, kuti mpata wa mwezi uno uzionekabe mwezi wamawa mpaka utatsekedwa ndi chimodzi mwa zitatu, tsiku lomwe chadutsa kubanki, pepala lokhwatchidwa, kapena kalata yoletsa.

Pomwe ndimapereka lipoti, banki inali itakonza 4591 kukhala 4519 m'zolemba zake, sapulaya anali atalipidwa mainvoyisi ake awiri kudzera pa kutumiza ndalama mwachindunji, ndipo nkhani ya 798,500 inali m'manja mwa a banki ndi apolisi. M'mabuku ndalamazo ndinaziika pa akaunti yakeyake ngati zotayika zomwe zikutsatidwa, osati ngati ngongole yomwe banki idzabweza, chifukwa banki inali isanavomere kalikonse polemba. Macheke 4527 ndi 4541 sanapezeke, akadali pa ndandanda ya oletsedwa, ndipo ndinalemba pa kalendala ya abwana kuti mu Novembala afunse banki ngati chiletsocho chimatha nthawi ndipo chikufunika kuchikonzanso.